Mafunso ndi mayankho: kukonza chikonzekero cha magawo atatu musanalembe nkhani yaifupi

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene alembi ongoyamba kumene a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amakonda kufunsa, makamaka ophunzira a kusekondale ndi aphunzitsi amene amawathandiza. Pofuna kuti mayankho asakhale a m'malere, tigwiritsa ntchito nkhani imodzi yopeka, ya mnyamata wopalasa bwato dzina lake Zuze, ndipo tiimanga pang'onopang'ono kufikira itakwanira.

Kodi chikonzekero cha magawo atatu n'chiyani?

Ndi tsamba limodzi limene mlembi amalembapo tsatanetsatane wa nkhani yake asanayambe kuilemba. Gawo loyamba limaonetsa mpangankhani wamkulu, chimene akufuna, ndi chimene chamusokoneza. Gawo lachiwiri limaonetsa kuyesayesa kwake pamene zinthu zikunka zithina. Gawo lachitatu limamufikitsa pampondachimera, pamene ayenera kusankha, kenako limaonetsa chimene chisankho chakecho chabala.

Maganizowa ndi akale. Aristotle, katswiri wa ku Girisi amene anamwalira m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, analemba za masewero kuti nkhani yathunthu imakhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ndipo anatsindika kuti zochitika zizibalana, osati kungotsatizana. Amene anatchukitsa kagawidwe ka magawo atatu m'masiku athu ano ndi Syd Field wa ku Amereka, amene m'chaka cha 1979 anatulutsa buku lophunzitsa kalembedwe ka mafilimu. Kuchokera kumeneko njirayi inafalikira kwa olemba mabuku ndi nkhani zazifupi.

Chofunika kuchigwira n'chakuti magawowa samalekanitsidwa ndi kuchuluka kwa ndime ayi. Amalekanitsidwa ndi zinthu ziwiri zimene zimakhotetsa nkhani: china kumapeto kwa gawo loyamba, china kumapeto kwa gawo lachiwiri. Mukapeza pokhotera pawiripa pamodzi ndi mathero, ndiye kuti mwakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe monga amachitira mmisiri asanakumbe maziko a nyumba, ndipo zotsalazo zimapeza malo ake mosavuta.

Ndili ndi malo ndi anthu m'mutu, koma sindikudziwa poyambira. Nditani?

Malo si nkhani, ngakhale akhale okoma chotani. Mungathe kulidziwa bwino doko la pa Shire, phokoso la amayi ogulitsa nsomba, kutentha kwa mwezi wa Okutobala, njinga zokwezedwa m'bwato, koma zonsezi sizisuntha zokha. Nkhani imayamba pamene munthu mmodzi akufuna chinthu chimodzi, china chake chikumuletsa, ndipo akalephera pali chimene ataye.

Choncho musanagawe chilichonse, lembani chiganizo chimodzi chokhala ndi zinthu zinayizi: munthu, chofuna chake, chomuletsa, ndi chimene angataye. Cha nkhani yathu chikhoza kukhala chotere: "Zuze, amene amapalasa bwato la mlamu wake pa doko lina pafupi ndi Bangula, akufuna bwato lakelake, koma ndalama zimene zingamukwaniritsire ndi zimene mayi ake akusunga kuti adzagulire malata a nyumba ya kumtunda."

Taonani kuti chofunacho n'chogwirika. Tikanalemba kuti Zuze akufuna moyo wabwino kapena ufulu, sitikanadziwa chochitika choyamba kuti chikhale chiyani, chifukwa moyo wabwino suoneka ndi maso. Bwato limaoneka, lili ndi mtengo wake, lili ndi mwini wake, ndipo lingathe kung'aluka. Ufulu umene Zuze akuulakalaka wowerenga adzaumva yekha kudzera m'bwatolo. Ngati chiganizo chanu chikukana kulembeka, musapitirire, chifukwa vuto limenelo lidzakupezanibe pa tsamba lachitatu mutataya kale nthawi.

Gawo loyamba likhale ndi chiyani, ndipo lithere pati?

Likhale ndi zinthu zitatu zokha. Choyamba ndi moyo wa mpangankhani monga ulili, woonetsedwa mwachidule ndiponso mwa zochita. Zuze wapalasa tsiku lonse, madzulo akupereka ndalama zonse kwa mlamu wake, ndipo mlamuyo akumupatsako zochepa pamaso pa anthu. Chochitika chimodzichi chikukwanira kutiuza chifukwa chimene mnyamatayu akufunira bwato lake, popanda kufotokoza mbiri ya banja lonse.

Chachiwiri ndi chosokoneza, chinthu chimene chikubwera kuchokera kunja n'kugwedeza moyo uja. Msodzi wina wokalamba akugulitsa bwato motchipa, koma akufuna ndalama zonse pofika Loweruka. Zimene Zuze wasunga zikuperewera.

Chachitatu, chimene chimatseka gawoli, ndi chisankho chimene mpangankhani sangathe kuchibweza. Zuze akutenga ndalama za mayi ake, zimene anapeza atagulitsa mbuzi zawo, akulipira bwato, akudziuza mumtima kuti abweza mvula isanayambe. Pano m'pamene alembi ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Chosokoneza chimamuchitikira munthu, pamene pokhotera poyamba ndi chimene munthuyo akuchita yekha. Kubwera kwa msodzi wokalamba sikunamange Zuze, popeza akanatha kukana n'kupitiriza moyo wake. Kutenga ndalama za mayi ake ndiko kwamumanga. Njira yoyesera ndi kudzifunsa kuti: kodi mpangankhani angathe kubwerera kunyumba tsopano zinthu n'kukhala monga zinalili dzulo? Ngati angathe, gawo loyamba silinathe.

M'nkhani yaifupi chosokonezachi chisachedwe. Ngati ndime zitatu zapita munthu akungodzuka, kusamba ndi kuyenda ulendo wa kudoko, wowerenga watopa kale.

Nkhani zanga zimayamba bwino koma zimafera pakati. Chimalakwika n'chiyani?

Ili ndi funso limene likufunika yankho lalitali, chifukwa gawo lachiwiri ndilo lalikulu ndiponso lovuta. Kawirikawiri chimalakwika n'chakuti mlembi amaunjika mavuto amene sakugwirizana. Mpangankhani wadwala malungo, kenako njinga yabedwa, kenako chibwenzi chatha, kenako mbewu zapsa ndi dzuwa. Mavuto onsewa ndi enieni, ndipo m'chigwa chathu chino munthu angathe kukumana nawo onse m'chaka chimodzi, koma m'nkhani salemera, chifukwa palibe limene labala linzake. Mukhoza kuwasinthanitsa malo nkhaniyo osasintha, ndipo chimenecho ndi chizindikiro cha pakati pakufa.

Pakati pamoyo pamayenda motere: mpangankhani akuyesa njira, njirayo ikubweretsa vuto lokulirapo, vutolo likumukakamiza kuyesa njira yoopsa kuposa yoyamba. M'nkhani yaifupi kuyesa kuwiri kapena kutatu n'kokwanira.

Tiyeni titsatire Zuze. Akubweretsa bwato lake padoko ali ndi chimwemwe, koma popeza anachoka kwa mlamu wake osatsanzika, mlamuyo wakhumudwa ndipo anzake opalasa, amene amalemekeza mlamuyo, akumumana malo pamzere wonyamula anthu. Chifukwa cha ichi, Zuze akusamukira kumalo ena a kumunsi kumene anzake amapewa chifukwa cha mvuu, ndipo akuyamba kuwolotsa anthu ochedwa madzulo. Ndalama zikuyamba kulowa. Koma tsiku lina akuchapa bwatolo akupeza kuti pansi pake pali mng'alu wautali umene msodzi uja anamata ndi phula n'kuubisa.

Kupezeka kwa mng'aluwu ndiko kumene timakutcha pakatikati pa nkhani. Ntchito yake ndi kusintha funso limene wowerenga ali nalo. Poyamba funso linali lakuti, kodi Zuze abweza ndalama mu nthawi yake? Tsopano funso ndi lakuti, kodi apitiriza kunyamula anthu akudziwa kuti bwato lake silili bwino? Nkhani yachoka pa ndalama yafika pa khalidwe la munthu, ndipo zimenezi zachitika popanda mlembi kulalikira chilichonse.

Zuze akumata mng'aluwo yekha, osauza munthu, n'kumanyamula katundu wochepa. Katundu wochepa ndi ndalama zochepa. Pomwepo mayi ake akumuuza kuti agwirizana ndi mmisiri, malata akufunika Lachisanu. Usiku womwewo wamalonda wina akumupeza ndi kumuuza kuti ali ndi matumba a mbatata ya kudimba oti awoloke m'mamawa, koma opalasa ena a padoko amuuza mtengo wokwera, ndipo ndalama zimene akulonjeza zikukwanira kutseka ngongole yonse. Zuze akuvomera. Apa ndiye pokhotera pachiwiri: njira zonse zatsekeka, yatsala imodzi, ndipo imodziyo ndi yoika miyoyo pachiswe.

Mukaona bwino, palibe vuto limene lagwa kuchokera kumwamba. Lililonse lachokera ku chimene Zuze anachita, kuyambira pa kutenga ndalama ndi kuchoka osatsanzika. Ngakhale mng'alu uja unadzalidwa kale m'gawo loyamba pamene tinati bwatolo linali lotchipa ndipo mwini wake anali pachangu.

Kodi ndiyenera kudziwa mathero ndisanayambe kulemba?

Pa nkhani yaifupi yankho lathu ndi lakuti inde. Wolemba buku lalitali ali ndi masamba ambiri oti asocherepo n'kubwerera, koma inu muli ndi masamba ochepa, ndipo chilichonse cha m'chiyambi chiyenera kutumikira mathero. Simukuyenera kudziwa mawu otsiriza. Mukuyenera kudziwa chisankho chimene mpangankhani adzachite pampondachimera, ndi mtengo umene adzalipire.

Chisankho chabwino chimakhala pakati pa zinthu ziwiri zimene zonse n'zopweteka. M'mamawa matumba akwezedwa, bwato latsika m'madzi mpaka pafupi ndi milomo yake, ndipo wamalonda uja akuitana mkazi wake amene wabereka mwana kumbuyo kuti akwere nawo. Zuze akumva madzi ozizira akulowa pansi pa mapazi ake. Akapalasa, mwina awoloka n'kubisa mlandu wake mpaka kalekale. Akakana, mayi ake adziwa zonse, ndipo doko lonse lidziwa kuti anagula bwato long'aluka. Akuika nkhafi pansi, akutsitsa matumba, akupita yekha kukaitana mlamu wake kuti anyamule katunduyo.

Chotsatira chikhale chachifupi, chochitika chimodzi basi. Zuze wakhala pansi pamaso pa mayi ake n'kunena kuti, "Amayi, ndalama zanu zija ndinadya ndine." Mayiwo angathe kukhululuka, kukwiya kapena kungokhala chete, ndipo mlembi asankhe chimene chikugwirizana ndi mayi amene wamuonetsa m'gawo loyamba. Chimene sichiyenera kuchitika ndi kupitiriza mpaka Zuze atakwatira, atabereka ana ndi kugula maboti a injini. Funso la nkhani likayankhidwa, nkhani yatha.

Kuno madzi osefukira ndi mbali ya moyo wathu. Bwanji osawagwiritsa ntchito pampondachimera?

Funso ili ndi lomveka, ndipo tikuliyankha mwaulemu podziwa zimene anthu a m'chigwa chino anaona mu Januwale 2015, komanso pa nthawi ya anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mlembi wa ku Makhanga kapena ku Chikwawa ali ndi ufulu wonse wolemba za madzi, ndipo nkhani zimenezo zikufunika kulembedwa ndi eni ake.

Chenjezo lathu likukhudza malo amene madziwo aikidwa m'chikonzekero. Tiyerekeze kuti usiku wa Lachinayi Shire wasefukira, bwato la Zuze lapita, nyumba yapita, ndipo nkhani ya malata yaiwalika. Zuze sanasankhe kanthu, mtsinje wamusankhira. Wowerenga amene wakhala akudikira kuti aone chimene mnyamatayu achite wamanidwa chimene anali kuyembekezera. Chimodzimodzinso mathero amene ng'ona ikugwira munthu woipa, kapena wachibale wa ku Joni akutulukira mwadzidzidzi ndi ndalama, kapena mpangankhani akudzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto.

Lamulo limene limathandiza ndi ili: mwadzidzidzi ungathe kulowetsa munthu m'mavuto, koma usamutulutsemo. Madzi angathe kukhala chosokoneza cha m'gawo loyamba, banja lapezeka pamsasa ndipo liyenera kusankha pakati pa kubwerera ku nthaka yachonde ya m'mbali mwa mtsinje ndi kukhazikika kumtunda kouma. Angathenso kuthinitsa gawo lachiwiri, mtsinje ukukwera tsiku ndi tsiku pamene nthawi ya Zuze ikutha. Koma pampondachimera pakhale pa munthu.

Gawo lililonse likhale lalitali bwanji?

Kagawidwe ka Syd Field kanali ka filimu ya masamba 120: masamba 30 a gawo loyamba, 60 a lachiwiri ndi 30 a lachitatu. Tikatengera kagawidwe komweko pa nkhani ya mawu 2,000, tipeza mawu 500, 1,000 ndi 500. Komabe nkhani yaifupi imakonda chiyambi chofulumira, kotero kuti mawu 350 kapena 400 amakwanira gawo loyamba, otsalawo n'kupita ku gawo lachiwiri ndi pampondachimera. Manambalawa si lamulo, ndi choyezera chokuthandizani kuona msanga ngati chiyambi chadya theka la nkhani. Ngati mukulembera nyuzipepala kapena mpikisano, yambani mwaona malire a mawu amene aikidwa, kenako gawani.

Pa utali umenewu zochitika 6 mpaka 8 n'zokwanira, apangankhani olankhula asapitirire atatu kapena anayi, ndipo nthawi ya nkhani ikhale yochepa, masiku kapena masabata, osati zaka.

Chikonzekero chomalizidwa chimaoneka bwanji papepala?

Chochitika chilichonse chimalembedwa m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, chonena amene akuchita, chimene akuchita, ndi chimene chasintha. Cha Zuze chikhoza kuoneka motere.

Gawo loyamba, mawu 400:
1. Madzulo padoko, mlamu akulandira ndalama n'kumupatsa Zuze zochepa pagulu. Msodzi wokalamba akumunong'oneza za bwato.
2. Usiku kunyumba, mayi akukamba za malata. Zuze akutenga ndalama zawo, m'mawa akulipira.

Gawo lachiwiri, mawu 1,050:
3. Anzake akumumana malo pamzere, iye akusamukira kumalo a mvuu.
4. Ndalama zikulowa, koma akupeza mng'alu ndipo akuubisa.
5. Mayi akutchula Lachisanu. Wamalonda akubwera, Zuze akuvomera.

Gawo lachitatu, mawu 550:
6. M'mamawa padoko, madzi akulowa, mayi wa mwana akukwera. Zuze akutsitsa katundu n'kuitana mlamu.
7. Akuulula kwa mayi ake.

Pambali pa mndandandawu ndi bwino kulembanso mfotokozankhani amene mwasankha. Nkhaniyi ingathe kukambidwa ndi Zuze mwini kapena ndi wina woonera amene akudziwa za mumtima mwa Zuze yekha. Chisankhochi chimakhudza chikonzekero, chifukwa ngati wokamba ndi Zuze, simungaike chochitika chimene mlamu ndi anzake akupangana iye kulibe. Lembaninso ngati apangankhani ena adzalankhulako Chisena kapena Chimang'anja m'mawu awo, kuti musadzasinthesinthe pakati.

Ndingadziwe bwanji kuti chikonzekero changa chili ndi vuto ndisanataye nthawi kulemba?

Chiwerengeni mokweza, ndipo pakati pa chochitika chilichonse ndi chinzake yesani kuikapo mawu akuti "chifukwa cha ichi" kapena "koma". Pamene mawuwa akukana kulowa ndipo mukungotha kunena kuti "kenako", pamenepo unyolo waduka. Pakati pa chochitika chachiwiri ndi chachitatu cha Zuze mawuwa akulowa bwino: wagula bwato osatsanzika, chifukwa cha ichi anzake akumumana malo.

Kenako phimbani chochitika chimodzi ndi dzanja, muone ngati zotsatira zikumvekabe. Ngati zikumveka, chochitikacho n'chongokometsera, chichotseni kapena chiphatikizeni ndi china. Tikanaika chochitika choti Zuze wapita kumsika wa ng'ombe ku Ngabu kukacheza ndi mnzake, chikanakhala chokoma kulemba, koma mathero sakanachisowa.

Pomaliza yang'anani pampondachimera n'kubwerera m'mbuyo. Chilichonse chimene chikugwira ntchito pamenepo chiyenera kuti chinaoneka kale. Mlamu, mng'alu ndi malata zonse zinadzalidwa m'magawo oyamba. Munthu watsopano kapena mfundo yatsopano ikatulukira m'gawo lachitatu kudzathetsa vuto, bwererani mukaidzale koyambirira kapena muichotse. Njira ina yothandiza ndi kukambira mnzanu chikonzekerocho pakamwa m'mphindi ziwiri. Pamene iye afunse kuti, "Nanga anachitiranji zimenezo?" ndi pamene pali dzenje.

Nthano zathu zili kale ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Pali kusiyana kotani?

Kufanana kulipo ndithu, ndipo amene anakula akumvera nthano ali ndi khutu lozolowera kale kuyesa katatu ndi kukwera kwa mavuto. Kusiyana kwakukulu kuli pawiri. M'nthano kuyesa kumabwerezedwa mofanana, nthawi zambiri ndi nyimbo, chifukwa omvera akuyankha ndi kuimba nawo, pamene papepala kubwereza kotere kumatopetsa, kotero kuyesa kulikonse kuyenera kusiyana ndi kunzake ndi kukulirapo. Chachiwiri, nthano imakonda kutha ndi phunziro lonenedwa poyera, ndipo kalulu wa kumapeto ndi yemwe uja wa kuchiyambi. M'nkhani yaifupi munthu amasintha, kapena amakana kusintha ife tikuona, ndipo phunziro limasiyidwa m'manja mwa wowerenga. M'chikonzekero chanu musaikemo ndime ya malangizo kumapeto.

Nanga ndikayamba kulemba nkhani n'kupatuka pa chikonzekero, nditani?

Zimachitika, ndipo nthawi zambiri n'chizindikiro chakuti mwayamba kuwadziwa bwino anthu anu. Chofunika ndi kusiyanitsa kupatuka kwakung'ono ndi kwakukulu. Ngati wamalonda wasanduka mayi wogulitsa nsomba zouma, kapena zochitika ziwiri zaphatikizana, pitirizani kulemba. Koma ngati kusinthako kwakhudza pokhotera poyamba, pokhotera pachiwiri kapena chisankho cha pampondachimera, imani kaye, mubwerere ku tsamba lija, mulikonze lonse musanalembe ndime ina.

Mwachitsanzo, polemba chochitika chachiwiri mungathe kuona kuti mayi a Zuze ndi munthu watcheru, woti sangathe masabata atatu osawerenga ndalama zake. Ndiye kuti akudziwa kuyambira pachiyambi ndipo angokhala chete. Kusinthaku sikukhudza zochitika 3 ndi 4, koma kukusintha chachisanu, chifukwa kutchula Lachisanu tsopano ndi njira ya mayiyo yopatsira mwana wake mpata woti aulule yekha. Kukusinthanso chomaliza, pakuti Zuze akadzati, "Ndalama zanu zija ndinadya ndine," mayi ake sadzadabwa. Pamenepa muyenera kubwerera ku chochitika chachiwiri n'kuikamo kanthu kakang'ono, monga mayi kutembenuka pamphasa pamene Zuze akumasula mfundo ya kansalu ka ndalama, kuti wowerenga akadzafika kumapeto adzathe kukumbukira kuti mayiwo anali maso usiku umene uja.